Kalata ya a nyakwawa yopempha mapu a malire kwa DC

Mwagwirizana kuti a nyakwawa alembere kwa DC kupempha mapu pa mkangano wa malire pakati pa mudzi uno ndi esiteti ya kutsidya kwa dambo. Tikambirane kalatayo isanalembedwe, chifukwa makalata ambiri otere amangogona m'failo. Amati "tikupempha mapu a malo athu" basi, ndipo wa ku ofesi ya malo sadziwa kuti akatsegule kabati iti.

Mapu aboma si amodzi. Alipo akuluakulu a Dipatimenti Yoyeza Malo, a sikelo ya 1:50,000, oonetsa mitsinje, mapiri ndi misewu. Pa mapu amenewo milimita imodzi ndi mamita 50 pansi pano. Mizere yathu timaitalikitsa masentimita 75, ndiye kuti milimita imodziyo yameza mizere yoposa 60. Nanga inu mukulimbirana mizere ingati? Mapu amenewo sangakuthandizeni.

Amene mukufuna ndi pulani ya esitetiyo, ija amati didi pulani. Malo a lizi amakhala ndi failo yake ku Unduna wa Malo, ndipo ngati anayezedwa, pulaniyo imaonetsa kukula kwake m'mahekitala, ngodya zake ndi mabikoni, timiyala tasimenti tija asaveya amakwirira m'ngodya. Minda yathu ya makolo yambiri ilibe pulani yotere, pokhapokha kumene kalembera wa malo anafika kale pansi pa lamulo la malo a makolo la 2016. Choncho pemphani pulani ya esitetiyo.

Tsono kalatayo imveke chonchi. Pamwamba dzina la mudzi, gulupu, T/A ndi tsiku. Ipite kwa DC, kudzera kwa a gulupu ndi gogo chalo. Pakati pake mawu ochepa:

"Bwana, pali kusamvana pa malire pakati pa mudzi wathu ndi esiteti yoyandikana nafe chakumadzulo. Malo okanganirana akuyambira pa mlatho wa pa dambo kufika pa manda akale, ndipo akukhudza minda ya mabanja asanu. Tinakhalirana pansi pa bwalo la a gulupu koma sitinamvane. Tikupempha kope ya pulani ya esitetiyi, komanso asaveya aboma adzationetse mabikoni mbali zonse ziwiri zilipo. Mutiuze polemba ndalama zofunika."

Mulembemo dzina la esitetiyo ndi la mwini wake, ngakhalenso la mwini woyamba ngati inagulitsidwa, poti failo ikhoza kukhala ikadali m'dzina lakale. Nambala ya lizi ngati mukuidziwa, ikanimo. Ngati simukuidziwa, pitani pa bikoni imene ikuonekabe, mupalepo dothi, mukopere zilembo kapena manambala ngati alipo. Koma musaigwedeze, musaizule. Kusuntha bikoni ndi mlandu, ndipo mwadziphera nokha umboni.

Taonani kuti m'kalatamo mulibe mawu akuti "atibera" kapena "wakuba". Ndikudziwa kuti mitima ikuwawa, ena mwa inu chimanga chinazulidwa chili m'mawondo. Komabe kalata yotukwana imachititsa ofesi kuyamba ndi kuzimitsa moto m'malo mofufuza failo, ndipo tsiku lina idzawerengedwa pa bwalo eni esiteti akumva.

Zidindo zikhale zitatu: cha a nyakwawa, cha a gulupu, cha gogo chalo. Mukalumpha gogo chalo, kawirikawiri amakubwezani kuti mukayambire komweko, ndalama ya thiransipoti yapita. Chititsani fotokope. Ina mukasiye ku ofesi, ina akudindireni tsiku limene alandira n'kubwera nayo kuno, ina ipite kwa eni esiteti kuti asadzanene kuti munachita mobisa. Ndalama iliyonse mungalipire, tengani risiti ya boma.

Amayi kumbuyoko afunsa kuti pulani ikabwera, nkhani yatha? Ayi mayi. Pepala lokha silionetsa pamene malire adutsa m'munda. Asaveya ndiwo amatenga manambala a pa pulani n'kupeza ngodya ndi makina awo. Nthawi zina mumapeza kuti esiteti inayezedwa mwachisawawa kalekale, pali chojambula chamanja chokha chopanda mabikoni, ndipo pamenepo umboni wa akuluakulu odziwa mbiri ya malowo umalemera kwambiri. Komanso asaveya saweruza. Mlandu wa malo a makolo umayambira ku bwalo la malo la kwa gogo chalo, wosakhutira amapita ku bwalo la malo la pa boma.

Mukonzekerenso mtima, chifukwa mabikoni akhoza kuonetsa kuti mizere ina ya mudzi uno ndiyo inalowa mu esiteti. Mabanja asanu aja adziwiretu zimenezi a nyakwawa asanadinde. Alembi a komiti ya malo, bwerani ndi pepala kuno kutsogolo tiyambe ndi mayina a malo amene malirewo akudutsa.