Timabamputabulauni pa nthambi za nachesi: mau a Mlangizi wa Zaulimi pa chikondwerero cha zaka 10

 Za zaka 10 zomwe mwayenda anzanga anena kale, ine ndilankhula za tizilombo tina timene tikudya nanu m'minda ya zipatso.

Mukabwerera kunyumba, kaimeni pansi pa mtengo wanu wa nachesi, lalanje kapena ndimu. Mukayang'ane tinthambi tanthete ndi kunsi kwa masamba, motsata mtsempha wapakati. Mukaona timabampu tabulauni tonga njerewere, tina tochepa kuposa njere ya mpunga, titakakamira osasuntha, musati ndi khungwa la mtengo. Ndi tizilombo tamoyo. Kalikonse kali ndi kamlomo konga singano komwe kabaya nako mtengo, ndipo kakuyamwa madzi amene akanapita ku zipatso. Amayi amene mumasunga maluwa a labala m'miphika pakhonde, aja a masamba akuluakulu onyezimira, tizilombo take n'tomweti.

Kuti mutsimikize, kandani kamodzi ndi chikhadabo. Kamatuka, ndipo mukakatswanya chala chinyowa ndi timadzi tachikasu kapena tabulauni. Ndiye kuti n'kamoyo. Kakangoyoyoka kouma ngati gaga, kanafa kale. Mukapeza kachibowo kozungulira pamsana pake, sangalalani: kamavu kakang'ono kanaikira dzira m'kati, mwana wake n'kudya kachilomboko, n'kutulukira pamenepo. Timavu timeneti ndi aganyu athu osalipidwa, pamodzi ndi tizikumbu tija tozungulira ta madontho.

Chaka chatha membala wina anandiitana kuti nachesi zake 12 zagwidwa ndi matenda, masamba ada bii ngati denga la kukhitchini. Anali atagula kale mankhwala a chuku n'kupopera kawiri, koma osasintha. Nditafika sindinayambe n'kuyang'ana masamba. Ndinayang'ana thunthu, ndipo nyerere zinali pa mzere, zina kukwera zina kutsika. Ndinati, "Bambo, mwaye uwu si matendawo ayi, tiyeni tilondole nyererezi." Zinatifikitsa pa tinthambi todzaza ndi timabampu.

Nkhani yake ili motere. Tizilomboti tikayamwa timataya timadzi totsekemera tonanda. Timadzito tikagwera pa masamba, pamamera chuku chakuda chonga mwaye, chimene chimatchinga dzuwa ndi kudetsa zipatso, ndipo mukudziwa mmene ogula amatsitsira mtengo akaona nachesi yakuda. Nyerere zimabwera kudzamwa timadzi tomweto, ndiye zimaweta tizilomboti ngati ng'ombe zamkaka, n'kumathamangitsa timavu ndi tizikumbu tija. Choncho munthu wopopera mwaye akulimbana ndi utsi, moto ausiya.

Ndi bambo aja tinayamba ndi mpeni, osati mpope. Tinadula nthambi zomwe zinali zitadzaziratu ndi zouma, n'kuzitentha kutali ndi mitengo. Tinapatulira m'kati kuti mphepo ndi kuwala zilowe, chifukwa tizilomboti timakonda mothithikana. Tinadulanso nthambi zonse zokhudza pansi kapena mpanda, ndi kupalira udzu wautali, kuti nyerere zitsale ndi njira imodzi yokha, ya pa thunthu. Pamenepo tinakulunga pulasitiki mothina, yotambalala ngati chikhatho, n'kupaka girizi pamwamba pake. Chonde, girizi asakhudze khungwa, amaliotcha, makamaka pa mitengo yaing'ono. Muzikayendera mlungu uliwonse, chifukwa fumbi ndi masamba ouma zikamatirira pa girizi nyerere zapeza mlatho. Pulasitikiyo muzimumasula pakapita miyezi ingapo, angamange mtengo.

Kenako mankhwala. Kachilombo kachikulire kali ndi chigoba chaphula, ndiye mankhwala ambiri amangotsetsereka pamwamba. Chomwe chimakagonjetsa ndi mafuta, chifukwa amakatseka mpweya. M'masitolo a zaulimi mumapezeka mafuta opopera mitengo ya zipatso, ndipo mukagula amenewo tsatirani muyezo wolembedwa pa botolo. Apo ayi, konzani nokha. Thirani makapu 2 a mafuta ophikira ndi theka la kapu ya sopo wamadzi wotsukira mbale m'botolo, mukhutchumule mpaka ziyere ngati mkaka. Pa lita imodzi ya madzi thirani supuni imodzi yaikulu ya msakanizowu. Pa mpope wa malita 16, imeneyo ndi pafupifupi kapu imodzi ya mamililita 250. Sopo waufa wochapira zovala ayi, amawaula masamba. Ndipo musawonjezere muyezo poganiza kuti zifa msanga. Chifa msanga ndi masamba anu.

Mafuta amapha chokhacho chimene achikuta. Poperani mpaka tinthambi ndi kunsi kwa masamba zinyowe, kuyambira m'kati mwa mtengo kutulukira kunja, ndipo muzikhutchumula mpope pafupipafupi kuti mafuta asayandame. Yambani mwayesa nthambi imodzi, mudikire masiku 2, muone ngati masamba sanapse. Poperani madzulo kapena m'mamawa kukali kozizira. Dzuwa la mu Okutobala, pamene kutentha kwapitirira madigiri 30, musayerekeze. Musapoperenso mtengo uli pa maluwa, kapena uli wofota ndi ludzu. Uthirireni kaye dzulo lake. Ngati munathira salufa, papite mwezi. Ine ndimakonda nyengo yozizira, mukangomaliza kuthyola zipatso, maluwa asanayambe.

Apa ndi pamene ambiri timagwera: kupopera kamodzi n'kupachika mpope. Pansi pa chigoba cha mayi pamabisala ana. Akatuluka amakhala tating'ono ngati fumbi lachikasu, ali ndi miyendo, amayenda tsiku limodzi kapena awiri kufuna pokhala, ena amauluzika ndi mphepo kupita pa mtengo wina. Nthawi imeneyo alibe chigoba, ndipo ndi pamene amafa mosavuta. N'chifukwa chake muyenera kubwereza pakapita masiku 14, ndipo mwinanso kachitatu ngati chikhadabo chikunyowabe.

Bambo aja atapopera kawiri anandiimbira foni mokhumudwa, amvekere, "Alangizi, zija zilipobe." Zinalipodi, koma titakanda 20 pa mitengo yosiyanasiyana, zonyowa zinali 2 zokha. Zakufa sizigwa msanga, zimakakamira kwa milungu. Mwaye nawo sunachoke tsiku limodzi, unayamba kukanganuka pang'onopang'ono, mvula n'kudzamalizitsa. Mitengo 10 inaphuka masamba oyera. Iwiri ya m'mbali mwa msewu inativutabe, chifukwa fumbi limalepheretsa timavu kugwira ntchito, ndipo mmodzi tinapeza nthambi yake ikukhudza mtengo wa mango, nyerere zikudutsira pamenepo.

Pali mtundu wina womwe ungakusokonezeni: timadontho tofiirira, tozungulira, taphwatalala, tokonda kukhala pa khungu la chipatso chenicheni. Umenewu sutaya timadzi totsekemera, ndiye mwaye simuuona, koma umaumitsa nthambi. Mafuta omwewa amaugwira.

Za mankhwala aukali aja opha chilichonse, maganizo anga ndi akuti asiyeni pa vuto ili. Amapulula timavu ndi tizikumbu, tizilombo tazigoba n'kutsala, ndipo pakapita miyezi timachuluka kuposa kale. Chepetsaninso yureya wongothira mosayeza, chifukwa mphukira zanthete zochuluka ndiye chakudya chawo.

Pomaliza, a komiti ya nazale, pempho langa lili kwa inu. Pa mbande ndi pa maluwa a m'miphika simufunika mpope: mswachi wakale ndi madzi a sopo, kukwecha tsinde ndi kunsi kwa tsamba lililonse, n'kutsukuluza ndi madzi oyera. Chaka chino mbande iliyonse yomezanitsa itembenuzidwe masamba isanatuluke pa geti, ndipo yopezeka ndi timabampu ikhale payokha milungu 4 tisanaipereke kwa membala.