Dayi akatsalira pachipumi, m'zikhadabo ndi kubafa

Tisanabalalike ndili ndi kankhani ka dayi, uja wakuda timabisira imvi. Abambo musayang'ane kumbali, ndevu zina pano zikuoneka kuti zadayidwa dzulo.

Mwezi wathawu kunabwera mayi wina kwathu, chipumi chili chofiira, khungu litasupuka kuyambira khutu ili mpaka linalo. Anadaya tsitsi Loweruka madzulo, m'mawa poyang'ana pagalasi n'kupeza mzere wakuda pachipumi, chonsecho kutchalitchi akuyenera kupita. Anatenga Jiki pakansalu n'kuyamba kukhecha. Mzere uja ukanatha wokha m'masiku ochepa, koma chilonda tinachisamala milungu iwiri.

Dayi uyu mukamusakaniza ndi madzi ake aja a m'kabotolo, sada pompo. Amanka nada pang'onopang'ono, ndipo akamada ndi pamene akugwira. N'chifukwa chake dontho logwera pakhutu poyamba limangooneka ngati madzi akuda pang'ono, koma pakatha mphindi 20 lili bii. Ndiye musadikire kuti mumalize mutu wonse. Khalani ndi kansalu konyowa ndi sopo pambali, likadontha pukutani nthawi yomweyo. Musanayambe n'komwe, pakani Vaselini m'mphepete mwa tsitsi, m'makutu ndi kunkhongo, koma asakhudze tsitsilo, chifukwa pamene pali mafuta dayi sagwira. M'manja valani magolovesi. Akasowa, timajumbo tiwiri timagwira ntchito.

Nanga ngati wauma kale? Tengani mafuta ophikira kapena Vaselini yemweyo, mupake pabangapo, musisite ndi chala mozungulira, mudikire mphindi 10 kapena 15, kenako mupukute ndi thonje n'kusamba ndi sopo ndi madzi ofunda. Thonjelo likada, ndiye kuti zikuyenda. Bwerezani madzulo, mwinanso kugona nawo mafutawo. M'manja, poti khungu ndi lolimbirako, mutha kusakaniza supuni yaing'ono ya soda wathu wa therere ndi sopo pang'ono, n'kusisita mphindi imodzi basi. Zikayamba kuwawa, tsukani. Zotsala zisiyeni. Dayi amangogwira kakhungu kapamwamba, kamene kamafundula kokha tsiku ndi tsiku, ndipo sabata isanathe nthawi zambiri banga lazimiririka. Jiki, palafini, petulo, phulusa ndi mwala wokhechera mapazi, zimenezo zisayandikire nkhope.

Chikhadabo ndiye chimavuta, chifukwa chimamwa dayi ngati tsitsi lomwe, ndipo sichifundula. Tsukani m'mphepete mwake ndi mswachi wakale ndi sopo, kapena pukutani ndi mankhwala ochotsera penti wa zikhadabo. Akakana, dziwani kuti chikhadabo chimakula mamilimita atatu okha pamwezi; muzingowenga. Osachipala ndi lezala.

Tsopano kubafa. Kuno Jiki ndi wololedwa, koma mwadongosolo. Yambani mwatsuka ndi madzi ambiri ndi sopo kuti dayi wosauma achoke, popeza dayi wambiri amakhala ndi amoniya, ndipo amoniya akakumana ndi Jiki amatulutsa mpweya wotsamwitsa. Mukatero, sungunulani kapu imodzi ya Jiki m'makapu anayi a madzi, munyowetse kansalu koyera, mukayale pabangapo mphindi 10, muchotse n'kutsukuluza. Pasinki ndi pamatailosi zimachoka bwino, bola musakheche ndi waya wotsukira mapoto, chifukwa mukakanda kusalala kuja, dayi wa ulendo wina adzalowa m'mikwingwirimamo. Chitseko chikhale chotsegula. Ndipo Jiki musamuphatikize ndi viniga, mandimu kapena mankhwala otsukira chimbudzi. Maso akayamba kuwawa ndi chifuwa kubanika, tulukani msanga.

Ambirife bafa lathu ndi la simenti, kapena miyala yoyala m'kati mwa mpanda wa udzu. Simenti yosasalaza imamwa ngati dothi. Jiki ndi burashi zimangochepetsa, banga limatsala lotuwa mpaka litaperepeseka ndi mapazi. Beseni la pulasitiki nalonso likada lada. Choncho patulani beseni limodzi lakale la ntchito imeneyi, ndipo posukuluza mutu yalani thumba la fetereza pansi.

Chomaliza, tisiyanitse banga ndi matenda. Banga siliyabwa. Mukaona pamene panagwera dayi pakuyabwa, patuluka timatuza, kapena zikope zatupa tsiku lotsatira, limenelo ndi thupi likukana mankhwala a m'dayimo. Musakhechenso, tsukani ndi madzi okha, mupite kuchipatala ndi paketi yake m'manja. Milomo kapena lilime zikatupa, kapena kupuma kukavuta, musadikire kuti kuche. N'chifukwa chake pamapaketi amalemba kuti muyambe mwapaka kadontho kuseri kwa khutu n'kudikira maola 48, ngakhale munadayapo kale.

Amayi kumbuyoko mwakweza dzanja, funsani.