Kalata Yofunsira Nchito Imene Makina Sanathe Kuiwerenga

Kale, pamene Chipata anali kuchedwa Fort Jameson, munthu wofuna nchito anali kulemba kalata ndi dzanja, ndipo kalaliki wa pa ofesi ndiye anali kuitsegula. Masiku ano mabungwe akulu ambiri alandira makalata pa intaneti, ndipo woyamba kuona mbiri ya wofunsira, imene aicha CV, ndi makina. Makinawo atola dzina, sukulu ndi nchito zimene munthu anagwirapo, naziika m'mabokosi ace. Pambuyo pace wolemba nchito angofunafuna mau, monga "nurse" kapena "accounts", ndipo mbiri zokhala ndi mauwo ndizo zituruka poyamba.

Tsono funso limene livuta anyamata ndi atsikana ndi ili: kodi atumize PDF, kapena kalata ya Word yotha ndi `.docx`? PDF, imene kampani ya Adobe inaturutsa mu 1993, isunga maonekedwe a tsamba monga mwini wace analikonzera. Ya Word itha kusinthidwa ndi munthu aliyense, ndipo pa kompyuta yina mizere yace nthawi zina isuntha. Makina ambiri a lero awerenga zonse ziwiri. Cimene cigwetsa anthu ndi cakuti PDF ziri za mitundu iwiri, ngakhale dzina ndi limodzi.

Nayi nkhani ya mtsikana wina wa ku Kasenengwa, wophunzira za kusunga mabuku a ndalama. Iye anakwera galimoto kupita ku Chipata, nalipira kuti amtaipire mbiri yace pa sitolo ya makompyuta. Anampatsa pa pepala, masamba awiri. Atabwerera kumudzi anaona cilengezo ca nchito, najambula masambawo ndi foni, ndipo foniyo inawasandutsa PDF. Pa maso kalatayo inali yokongola ndithu. Koma m'kati mwace munalibe cilembo ngakhale cimodzi. Munali zithunzi ziwiri za pepala. Makina amene sadziwa kuzindikira zilembo za pa cithunzi aona tsamba loyera, ndipo amene adziwa alakwitsa kawirikawiri, makamaka manambala a foni ndi maina a Cicewa kapena a Cingoni.

Cizindikiro cinalipo, koma iye sanacimvetse. Atakweza kalatayo, mabokosi a dzina ndi sukulu, amene makinawo akanadzaza okha, anakhala opanda kanthu. Kulemera kwa kalata kukanamcenjezanso, pakuti mbiri ya zilembo zeni-zeni ya masamba awiri kawirikawiri siifika `200 KB`, pamene yojambula ipitirira apo kutali.

Mphunzitsi wina ndiye anamsonyeza mayeso apafupi. Munthu atsegule PDF pa kompyuta, adine `Ctrl+A` ndi `Ctrl+C`, atsegule Notepad, nadine `Ctrl+V`. Zimene zituruka pamenepo zifanana ndi zimene makina adzalandira. Kwa mtsikanayo sikunaturuke kanthu.

Anabwerera ku sitolo kuja, napempha kalata yeni-yeni ya Word imene anataipamo. Apa panaoneka colakwa caciwiri. Wotaipa, pofuna kukometsa, anaika dzina ndi nambala ya foni m'kamzere ka pamwamba kochedwa `Header`, ndipo anagawa tsamba pakati, masukulu kumanzere, nchito kumanja. Makina ena adumpha kamzere ka pamwambako, ndipo tsamba logawidwa aliwerenga modutsa, kotero kuti caka ca sukulu cikakhala pa dzina la nchito. Anatsitsa dzinalo m'thupi la kalata, nalemba zonse motsika pa mzere umodzi, pansi pa mitu wamba monga "Education" ndi "Work Experience". Atatero anadina `Save As`, nasankha PDF. Pa mayeso aciwiri mau onse anaturuka mwa dongosolo lace.

Nanga atumize iti? Cilengezo ndico cilamula. Cikati Word, atumize `.docx`, ngakhale PDF ikongole cotani, cifukwa makina ena akale asokonezeka ndi PDF, ndipo mabungwe ofunira ena anchito akonda kucotsa nambala ya foni asanapereke mbiri kwa bwana. Cikalola zonse ziwiri, PDF yocokera ku Word iposa, pakuti munthu wodzaiwerenga pambuyo pa makina adzaiona monga inalembedwera. Cifukwa cace wanzeru asunga zonse ziwiri, ndipo sacoka pa sitolo ndi pepala lokha.

Setifiketi ya Grade 12 yocokera ku Examinations Council of Zambia, ndi citupa ca NRC, zimenezi ndi zojambula ndithu, ndipo palibe cobvuta, cifukwa adzaziona ndi maso a munthu. Cacikulu ndi kuziika pa malo ace, osazijambula pamodzi ndi mbiri. Mtsikana uja anatero pa cilengezo cotsatira, ndipo mabokosi a dzina ndi sukulu anadzaza okha iye akupenya.