Fayilo Yanu Ndiyo Idzakulankhulireni: Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Mwambo Wotsanzikana Naye ku Chipata

Ndipereke ulemu kwa nduna zimene zaimira Inkosi ya Makosi Mpezeni, kwa nthumwi ya mkulu wa maphunziro m'chigawo chino cha Kummawa, kwa mkulu wa maphunziro m'boma la Chipata ndi onse a mu ofesi yawo, ahedi athu ndi achiwiri awo, ahedi a masukulu oyandikana nafe, atsogoleri a mabungwe a aphunzitsi, abusa ndi mashehe, anyakwawa, komiti ya makolo, aphunzitsi anzanga, ana athu a sukulu, ndi inu amayi amene mwakhala pa utsi kuyambira mbandakucha. Nonse ndakuonani, ndipo ndikuti zikomo.

Mwandikhazika pa mpando wa mlendo pa sukulu imene ndakhala ndikuisesa ndekha. Choko ndachigwira zaka 36, ndipo lero ndikuchitula. Za kaphunzitsidwe sindikuuzani, poti ena mwa inu mwachokera ku koleji dzulodzuloli ndipo njira zatsopano mukuzidziwa bwino. Ine ndikufuna ndikutsineni khutu pa chinthu chimene ku koleji saphunzitsa, chimene ndi mapepala a ntchito yanu.

Boma lathu tiliyamikire. Mu 2022 linabweretsa maphunziro aulere, ndipo chaka chomwecho linalemba aphunzitsi 30,496 nthawi imodzi. Angapo mwa iwo muli pompano. Kwezani manja tikuoneni! Eya, ndinu amenewo. Aimbireni m'manja. Koma ana anga, mukakhala ochuluka chotero, mafayilo anunso ndi ochuluka, ndipo amene angasamale fayilo yanu kuposa wina aliyense ndinu eni ake.

Ndikuuzeni zimene zinandionekera. Nditayamba kulongosola zopuma, anandipempha kalata yondilemba ntchito, kalata yosonyeza tsiku limene ndinafika pa sukulu yanga yoyamba, ndi kalata yonditsimikiza pa ntchito. Yoyamba ndinali nayo. Yachiwiri inali m'sutikesi yakale pansi pa bedi, ndipo nditatsegula ndinapeza chiswe chadya mpaka pamene panali chidindo. Yachitatu inasowa m'fayilo yanga ku ofesi ina. Miyezi yambiri ndinakwera njinga ndi mabasi kufunafuna pepala limodzi, pofuna kusonyeza kuti zaka zimene ndinaima m'kalasi ndinaimadi. Anandipulumutsa ndi ahedi anga akale, nkhalamba yoyendera ndodo, amene anakumbukira kuti analemba za kufika kwanga m'buku la zochitika pa sukulu.

N'chifukwa chake ndikuti sabata ino ikamatha, aliyense akhale atagula fayilo ya pulasitiki. Muikemo makalata atatu aja, makalata onse okusamutsani ndi okukwezani, masatifiketi anu, chikalata cha bungwe lopereka chilolezo chophunzitsira, ndi kope ya reji yanu. Pepala lililonse likhale ndi makope awiri, ina kunyumba, ina kwa m'bale amene mumamukhulupirira, ndipo mulijambulenso pa foni. Mukapereka kalata ku ofesi, musachoke opanda chidindo cholandirira pa kope yanu. Muyang'anenso tsiku lobadwa ndi kalembedwe ka dzina. Ngati pa reji pali Phiri koma pa pepala lina pali Piri, kapena chaka chobadwa chikusiyana, kakonzetseni tsopano miyendo ikadali yolimba. Zaka zopumira, kaya ndi 55, 60 kapena 65, amaziwerengera pa tsiku lolembedwa m'fayilomo, osati limene amayi anu anakuuzani. Ndipo inu amene nthawi yoyesedwa pa ntchito inatha kale koma kalata yotsimikiza simunaione, musakhale chete. Lembani kudzera kwa ahedi, ndipo muzikafunsa mwaulemu mpaka ituluke.

Chachiwiri ndi peyisilipi. Ambiri mumangoyang'ana nambala ya pansi n'kupinda. Yambirani pamwamba, mzere ndi mzere. Ife akale amene tinalowa ntchito chisanafike chaka cha 2000 tili ku thumba la penshoni la ogwira ntchito m'boma, koma inu muli ku Napsa. Kumeneko amakudulani 5 kwacha pa 100 kwacha iliyonse, ndipo wokulembani ntchito amaonjezera 5 ina. Kuti mudzalandire penshoni ya mwezi ndi mwezi, pamafunika zopereka za miyezi 180, zimene ndi zaka 15. Tsono kudulidwa pa peyisilipi ndi nkhani ina, kuonekera pa dzina lanu ku Napsa ndi nkhani inanso. Chaka chilichonse pemphani sitetimenti, muwerenge miyezi. Ngati mwagwira miyezi 36 koma pakuoneka 33, itatuyo ifunefuneni chaka chomwecho, muli ndi mapeyisilipi ake m'manja. Kuyambira mu 2023 lamulo limalola kutapako gawo la 20 pa 100 la zopereka zanu musanapume, kamodzi kokha. Mukaganiza zotapa, dziwani kuti mukutapa m'nkhokwe ya ukalamba wanu. Tapirani malata kapena puloti, osati phwando.

Chachitatu ndinena mopanda kubisa, poti wakutsina khutu ndi mnansi. Ngongole ikutha aphunzitsi. Lamulo la m'boma limati akatha kukudulani zonse, muzitsala ndi gawo la 40 pa 100 la malipiro anu. Tiyerekeze kuti malipiro ndi K6,000: muyenera kupita kunyumba ndi K2,400. Amene wafika pa malire amenewo banki imamukana, ndiye amapita kwa akaloba, amene ngongole yawo sioneka pa peyisilipi. Atenga K1,000 kuti pakutha pa mwezi abweze K1,500. Mwezi ukatha alibe yonse, apereka K500 yapamwamba yokha, yaikulu n'kutsala. Pakatha miyezi inayi wapereka K2,000, koma K1,000 ija ikadali pakhosi pake, ndipo khadi ya ku banki ili m'thumba la munthu wina.

Ndinaphunzitsapo ndi mnyamata waluso pa masamu amene anagwa m'dzenje limeneli. Tinazindikira mochedwa. Malipiro akatuluka sankaoneka masiku awiri, foni ikalira ankatuluka m'kalasi kukayankhira kuseri kwa chimbudzi, ndipo makope a ana ankakhala milungu osachongedwa. Ahedi ndi achiwiri anu, mukaona zizindikiro zimenezi musathamangire kalata yodzudzula. Muitaneni, mutseke chitseko, mutenge pepala, mulembe naye ngongole zonse kuyambira yoluma kwambiri, ndipo ayambe kutseka imeneyo. Mnyamata uja tinamukoka chotero. Aphunzitsi asanu tinapanga chilimba, n'kumupatsa iye kulandira koyamba, ndipo khadi yake inabwerera. Lero ndi hedi, ndipo ndimanyadira naye.

Kukongola sindikukuletsani. Loni yogulira puloti, yomangira, kapena yolipirira maphunziro anu ili ndi mutu. Koma musanasaine, funsani kuti ndalama zonse zimene mudzabweze pomaliza ndi zingati, osati za pamwezi zokha. Ndipo nyumba ya sukulu si yanu. Ine makiyi ndikupereka kwa ahedi mwezi uno, ndipo ndili ndi kolowera chifukwa ndinaumba njerwa pang'onopang'ono, chilimwe ndi chilimwe.

Akuluakulu a ku ofesi, ndipempheko kamodzi ndisanakhale pansi. Mukamayendera masukulu kudzaona mapulani a maphunziro, muzifunsanso mphunzitsi watsopano ngati kalata yake yotsimikiza inafika. Funso limodzi limenelo lidzapulumutsa munthu ulendo umene ine ndinayenda.

Ndabweretsa mafayilo a pulasitiki, ali pa tebulo apo, imodzi kwa mphunzitsi aliyense amene sanakwanitse zaka zisanu pa ntchito. Mwambo ukatha bwerani mudzatenge, ndipo Lolemba muyambe kuikamo mapepala. Amene angasokonezeke nawo, kwathu mukukudziwa, mudzandipeza kudimba.

Mulungu adalitse sukulu yathu ndi dziko lathu la Zambia.