PEPALA LOLONJERERA NDALAMA ZA MALONDA

Nkhani yokambidwa pa wailesi m'Cinyanja

Komboni ya Marapodi, kumpoto kwa mzinda wa Lusaka, inatenga dzina lake kwa Mtaliyana wina, Marrapodi, amene anali kuoca laimu ndi njerwa pamene Lusaka anali akali kamudzi ka pa njanji. Nchito ya zomangira nyumba siinathe m'makomboni. Lero amuna ambiri, ena mwa iwo opuma nchito ku migodi, amaumba mabuloko a simenti nagulitsa kwa omanga. Nkhani ya madzulo ano ikunena za pepala limene woumba wotere ayenera kulemba pamene katundu wacoka koma ndalama zisanafike. Dzina la pepalalo ndi invoisi.

Poyamba omvera asiyanitse mapepala awiri. Risiti licitira umboni kuti ndalama zalandiridwa. Invoisi inena kuti ndalama zikali kuyembekezeka. Munthu wopereka risiti asanalandire kanthu wadzichera msampha yekha, pakuti wogula angathe kuonetsa risitilo nanena kuti analipira kale.

Nayi nkhani yofanizira. Woumba wina wa m'Marapodi agulitsa mabuloko 500 kwa kontrakitala amene akumanga nyumba ku Matero. Mtengo ndi K12 buloko imodzi, ndiye kuti K6,000. Galimoto yonyamula ndi K600. Zonse pamodzi ndi K6,600. Kontrakitala apereka K2,000 tsiku lomwelo, nati, "Zotsalazo, bambo, ndidzakuonani mwini nyumba akandilipira." Woumba avomera. Papita miyezi iwiri, ndipo pokumananso wina akuti mabuloko anali 450, wina akuti 500. Wina akuti galimoto inali pa mtengo womwewo, wina akukana. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Ngongole ya pakamwa pokha ili ngati fodya wa pacala.

Tsono invoisi ya woumbayo ikadalembedwa motani? Pamwamba pakhala dzina lake, malo a nchito yake ndi nambala yake ya lamya. Pakhalanso nambala yake ya msonkho yocokera ku ZRA, yochedwa TPIN, imene ili ndi manambala khumi. Pansi pake alemba dzina la wogula. Apa ambiri amaphonya: amalemba dzina la kapitao amene anabwera ndi galimoto, pamene wolipira ndi kampani. Dzina loyenera ndi la iye amene adzatulutsa ndalama. Ngati wogulayo ndi kampani yaikuru, monga ya migodi, imapereka nambala ya oda yake, ndipo invoisi yopanda nambalayo kawirikawiri imabwezedwa ndi akalaliki osalipiridwa.

Pakati pa pepala alemba katundu, cinthu ciri conse pa mzere wake. Mau akuti "mabuloko, K6,600" sakwanira. Alembe kuti mabuloko a mainchesi 6, okwana 500, pa K12 imodzi, K6,000. Mzere waciwiri, galimoto kucokera ku Marapodi kufika ku Matero, K600. Mzere wacitatu, zolipiridwa kale, K2,000. Potsiriza, zotsala, K4,600. Wolandira katundu awerenge ndi kusaina, kuti mawa pasakhale mkangano wa 450 ndi 500.

Msonkho wa VAT, umene m'Zambia uli 16 pa 100, uwonjezedwa ndi wamalonda yekhayo amene analembetsa msonkhowo ku ZRA. Wosalembetsa akaulemba pa invoisi yake alakwira lamulo. Olembetsawo, kuyambira m'caka ca 2024, amatulutsa mainvoisi ao kupyolera m'makina a ZRA ochedwa Smart Invoice. Koma zofunika kulembedwa zija sizisintha, kaya pepala licokera m'makina kaya m'buku la kaboni.

Cinthu caciwiri ndi nambala. Invoisi iri yonse ikhale ndi nambala yakeyake, ndipo manambala atsatane: 041, 042, 043, popanda kulumpha kapena kubwereza. Cifukwa cake nciani? Kontrakitala uja angagule katatu m'mwezi umodzi. Akatumiza K2,600 pa lamya, woumba adziwa bwanji kuti ndalamazo nza ulendo uti? Koma akanena kuti nza 042, nkhani yatha. Ndiponso woumba akaona m'buku lake kuti 044 yatsatana ndi 046, adziwa msanga kuti tsamba lina lang'ambidwa, ndipo afunsa mnyamata wake wa nchito ndalama zisanalowe m'thumba lina.

Dzanja likalakwa polemba, tsambalo lisang'ambidwe. Alembe mzere wopingasa ndi mau akuti "yafafanizidwa", tsamba likhale m'buku, ndipo alembe lina pa nambala yotsatira. Ngati mabuloko 20 afika osweka, invoisi yoperekedwa kale isakonzedwe ndi colembera. Alembe pepala lina locotsera mtengo, la K240, lochula nambala 042. Pamenepo mabuku a anthu awiriwo adzagwirizana. Mabuku otere asungidwe zaka zisanu ndi cimodzi, monga malamulo a msonkho afunira.

Cacitatu ndi tsiku lolipira. Mau akuti "posacedwa" kapena "kumapeto kwa mwezi" sachula tsiku. Ngakhale mau akuti "masiku 14" abala mkangano, cifukwa wina awerenga kuyambira tsiku lolemba, wina tsiku limene pepala linamfika. Cabwino ndi kulemba tsiku lenileni: yalembedwa pa 3 Marichi, ilipiridwe pofika pa 17 Marichi. Alembenso njira yolipirira, kaya ku banki kaya pa lamya, pamodzi ndi nambala yake. Posankha masiku, woumba ayang'ane thumba lake. Ngati simenti agula ndi ndalama za pamanja, ndipo anchito ake alandira Loweruka liri lonse, masiku 30 adzamuimitsa nchito. Kwa iye cikole ndi masiku 14 ndi nzeru.

Cotsiriza ndi ndalama za kucedwa. Pano pali mfundo imene anthu ambiri saidziwa. Ndalamazi zicokera m'pangano, osati mu mkwiyo. Wogulitsa sangadzuke mwezi wacitatu nawonjeza K1,000 cifukwa wakwiya. Ngakhale kuzilemba pansi pa invoisi malonda atatha kale sikummanga wogula amene sanavomere. Ziyenera kunenedwa pokambirana mtengo, zilembedwe pa pepala la mtengo, wogula asaine, ndipo invoisi ingokumbutsa.

Muyeso wake ukhalenso womveka. Awiriwo atapangana 2 pa 100 pa mwezi, ndalamazo ziwerengedwa pa zotsala zokha. Kontrakitala akapanda kulipira kanthu, mwezi umodzi utapita pa 17 Marichi, awonjeza K92 pa K4,600. Koma ngati analipira K2,600 pa tsiku lake, zotsala ndi K2,000, ndipo za kucedwa ndi K40 cabe. Cindapusa copitirira muyeso, conga cilango, bwalo la milandu lingathe kucikana.

Tsiku likapita, woumba asayambe ndi ndeu. Mawa lake atumize mau aulemu ochula nambala, ndalama ndi tsiku. Patapita mlungu alembe kalata, nasunge cifaniziro cake. Zikakanika, m'Lusaka muli bwalo la milandu ing'onoing'ono ya ndalama, kumene munthu adzinenera yekha popanda loya. Kumeneko adzafunsidwa mafunso atatu: katundu anali wotani, ndalama zingati, ndipo anapangana tsiku liti. Wobwera ndi buku lake la kaboni losainidwa ayankha mafunso onse atatu pakungotsegula tsamba 042. Wobwera ndi pakamwa pokha afunafuna mboni, ndipo mwina woyendetsa galimoto uja anasamukira kale ku Kitwe.

Motero woumba wa m'Marapodi, galimoto isanaturuke pa bwalo lake, ayambe watsegula buku. Nkhani ya madzulo ano yathera pamenepa. Omvera onse atsale bwino.