Chichewa ndi mlatho wofikira Chingerezi m'kalasi

Lero tikambirane za ana athu amene amaphunzira m'Chingerezi kuno ku Joni, pomwe kunyumba amalankhula Chichewa.

Katswiri wina wa ku Canada, Jim Cummins, anapeza kuti mwana wobwera amatola Chingerezi chochezera m'zaka ngati 2, koma Chingerezi cha m'mabuku chimamutengera zaka 5 mpaka 7. Ndiye musadabwe mwana akamacheza bwinobwino ndi anzake koma masamu akulephera. Nthawi zambiri sikuti mutu sukugwira ayi, funsolo ndi limene sanalimve.

Njira imene ife timalangiza ili ndi masitepe atatu. Titenge funso ili, lolembedwa m'Chingerezi: minibasi yanyamula anthu 16, kota ya anthuwo yatsika, atsala angati?

Poyamba, tisanatsegule buku, timacheza naye m'Chichewa kwa mphindi zisanu. Timamupatsa nyemba 16 n'kumuuza kuti azigawe m'magulu anayi ofanana. Akapeza nyemba 4 pagulu lililonse, timati gulu limodzilo ndiye kota. Kachiwiri, amawerenga funso m'Chingerezi mmene lalembedweramo, osamumasulira. Tsopano mawu achilendo aja akugwera pa chinthu chimene wachigwira kale ndi manja. Kachitatu, amatifotokozera m'Chichewa mmene wapezera 12, kenako amalemba yankho m'Chingerezi, poti mayeso adzalemba m'chinenero chimenecho.

Pali zinthu ziwiri zimene zimasokoneza. Choyamba ndi kumasulira chiganizo chilichonse. Mwana amazolowera, amangodikira Chichewa, Chingerezi chija osachimvetseranso. Mudzadziwa kuti zafika pamenepo mukaona kuti sagwira pensulo mpaka mutamumasulira. Zikatero, chepetsani Chichewa, chizikhala koyambirira ndi kumapeto basi.

Chachiwiri ndi mawu amene timawagwiritsa ntchito mosasamala. Kunyumba timatha kunena kuti “ndipatse hafu yaikuluyo”. Pa masamu hafu yaikulu kulibe, magawo awiriwo ayenera kufanana ndendende. Tikapanda kumuuza zimenezi, mlatho womwewo umusocheretsa.

Nanga tidziwa bwanji kuti wamvetsa? Sinthani nambala. Nenani kuti anthu anali 20. Amene wamvetsa agawa panayi, achotsa 5, apeza 15. Amene anangoloweza achotsanso 4 n'kunena 16.

Ena mufunsa kuti, aphunzitsi ake Chichewa sachidziwa, ndiye titani? Sitepe yoyamba ndi yomaliza ndi zathu kunyumba, ndipo sizilira Chingerezi chambiri. Pemphani aphunzitsi akuuzeni mutu wa sabata yamawa, muukambirane ndi mwana Lamlungu madzulo. Ngati m'kalasimo muli mwana wina wolankhula Chichewa, pemphani kuti awiriwo azikhala limodzi, azipatsidwa mphindi zochepa zofotokozerana asanalembe.