Chithokomiro Chimene Mchere Sungachize

Tagwirani pakhosi panu, m'munsi mwa kholingo. Pamenepo pali kachiwalo kotchedwa thairoidi, kamene timadzi take timapatsa thupi mphamvu ndi kutentha.

Mudaphunzira kuti khosi limatupa ayodini akasowa m'chakudya. Komatu pali chithokomiro china, chimene dokotala wa ku Japan, Hakaru Hashimoto, adachifotokoza m'chaka cha 1912. Pa nthendayi asilikali a m'thupi amasokonezeka, nayesa thairoidi mdani. Amapanga zida zotchedwa maantibodi, zolimbana ndi mapuloteni a kachiwalo komweko, ndipo iwo eni amadzazana m'menemo. Pakapita zaka, mnofu wofewa uja umasanduka zipsera zolimba, timadzi tija n'kuchepa. Munthu amangotopa, amamva kuzizira ngakhale mu Okutobala, khungu limauma, ndipo ena amamuyesa waulesi.

Nthendayi imagwira kwambiri amayi a zaka 30 mpaka 50, makamaka ngati ili kale kumtundu kwawo. Mchere wa ayodini suichiza. Wodwala akapimitse magazi kuchipatala, kumene angamupatse mapiritsi a timadzi tomwe tija, omwa tsiku ndi tsiku.